Ndikufuna kupempha thiransifa ya ku Mzuzu chifukwa cha matenda a mayi, kalata yake ndiyike zotani kuti asandikanize?

Wa ku Chigumula:
Abale moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu, makamaka inu amene munagwirapo ku ofesi ya za antchito kapena munapemphapo thiransifa. Ine ndimagwira ku Limbe pa kampani ina yogulitsa feteleza, mbewu, mankhwala a m'munda ndi chakudya cha nkhuku, dzina sinditchula. Ndine wa ku sitolo, ndimalandira katundu, kulemba sitoko ndi kutulutsa maoda a anthu opikula. Ndatha zaka 6. Kampaniyi ili ndi nthambi ku Limbe, Kanengo, Kasungu ndi ku Luwinga ku Mzuzu.

Mayi anga ali ku Ekwendeni, anachita sitiroko mu Meyi, dzanja ndi mwendo wa kumanja sizikugwira bwino nde akufunika azipita ku Mzuzu Central kokawongola ziwalo. Akuwasamala pano ndi mlongo wanga koma naye ali ndi banja lake ku Karonga ndipo alamu ayamba kale kufunsa kuti abwera liti. Ulendo wa Blantyre Mzuzu mukuudziwa, ndi tsiku lathunthu kapena usiku onse uli mu basi, sungangoti ndipita Loweruka ndibwera Lamulungu. Nde ndikufuna ndipemphe andisamutsire ku Luwinga.

Kalata ndilemba mu Chingerezi koma mfundo zake ndi izi: kuti mayi akudwala, kuti ndine mwana wamwamuna ndekha, kuti ndalama zikuthera mu thiransipoti, kuti ndagwira mokhulupirika zaka zonsezi nde andimvere chisoni. Zikukwana izi kapena pali china chosowa?

Make Fatsani:
Pepani kwambiri achimwene, sitiroko ndi matenda otopetsa odwala ndi osamala omwe. Mulungu awakhudze mayi. Kalatayo ine ndikuona ili bwino, bwana amene ali ndi mtima sangakane.

Anambewe:
Pepani ndi matenda achimwene. Ndakhala nthawi yaitali ndithu ku ofesi ya za antchito, makalata ngati amenewa ndawerenga ambiri, nde ndikuuzani mosabisa. Kalata yanuyo bwana akawerenga amva chisoni zoona, kenako aiika mu fayilo nkukuuzani kuti tikuuzani mpata ukapezeka. Chifukwa chake nchakuti mfundo zonse 4 zikunena za vuto lanu, palibe ngakhale imodzi ikuyankha mafunso amene iye akhale nawo mumutu akamawerenga. Iye akudzifunsa kuti munthu uyu akachoka sitolo ya Limbe agwira ndani, ku Mzuzu kuli malo oti akakhalepo kapena tikalipira anthu awiri pa ntchito imodzi, nanga zitidyera ndalama zingati. Manijala wanu olo atakukondani bwanji amayenera kukaima pamaso pa akuluakulu kukafotokoza, ndipo sangakanene kuti ndataya munthu wodziwa sitoko chifukwa ndinamva chisoni. Mupatseni mawu oti akanene kumeneko.

Ndiyambe ndakufunsani. Ku Luwinga kuli anthu angati ku sitolo ndipo zikuyenda bwanji? Chitumbuka mumayankhula? Ku Limbe alipo amene mwamuphunzitsa ntchito yanu?

Che Ndirande:
Osavutika ndi zonsezo akulu. Lamulo la ntchito limanena kuti pa nkhani ya banja ndi matenda kampani ikuyenera kukusamutsa. Akakana pitani ku leba ofesi basi, awaitana.

Anambewe:
Ayi Che Ndirande, zimenezo musawasocheretse nazo. Mu Employment Act ya 2000 mulibe ndime yokakamiza kampani kusamutsa munthu chifukwa kholo likudwala. Muli za tchuthi cha pachaka, masiku 18 ngati umagwira masiku 6 pa sabata kapena 15 ngati umagwira 5, muli za tchuthi cha matenda koma ndi matenda a iwe mwini wantchito, osati a mayi ako. Thiransifa imayendera kontirakiti imene munasainirana ndi buku la malamulo a kampaniyo. Ku leba kapena ku Industrial Relations Court ungapite ngati akuchotsa ntchito mopanda chilungamo kapena akusala, koma kungokana pempho la thiransifa si mlandu. Komanso munthu ukangotchula za leba mu kalata yopempha, mtima wa bwana watseka pomwepo.

Che Ndirande:
Ohoo, koma ine ndinamva kuti mumakontirakiti ambiri mumalembedwa za kusamutsidwa

Anambewe:
Eee mumalembedwa, pamenepo mwalondola. Koma kawirikawiri mawu ake amakhala oti kampani ikhoza kukutumiza ku nthambi iliyonse ikafuna. Mphamvu ndi ya kampani, si yako. Komabe ndime imeneyo imathandiza, achimwenewa akayipeza mu kontirakiti yawo aitchule, chifukwa ikuonetsa kuti iwo ndi wantchito wa kampani yonse osati wa Limbe yokha, nde kusamukako sikufuna kontirakiti yatsopano.

Wa ku Chigumula:
Zikomo aAnambewe. Kuyankha mafunso anu: Chitumbuka ndi chiyankhulo changa, ndinakulira ku Ekwendeni konko mpaka fomu 4. Ku Luwinga ku sitolo kunali anthu awiri, mmodzi anasiya ntchito mu Malichi sanalembe wina, watsalayo ndi mnyamata wa ku Mulanje ndipo ndimamva kuti amalira kuti akufuna kubwerera kum'mwera. Za sitoko yawo ndikudziwa chifukwa katundu wina amachoka kwathu kuno, mapepala otsimikiza kuti alandira amabwera mochedwa, nthawi zina matumba amene tatumiza ndi amene alemba kuti afika samagwirizana nde timakhalira kuimbirana mafoni kumapeto kwa mwezi. Kuno ndili ndi mtsikana wina amene ndakhala naye zaka 2, kulandira katundu ndi kulemba amatha, chimene sanayambe kuchita yekha ndi kuwerenga sitoko ya kumapeto kwa mwezi ndi lipoti lake.

Anambewe:
Nde mukuona, kalata yanu ndi imeneyi mwalemba apayi, osati ija. Muli ndi zinthu zamphamvu ndipo simunaziike.

Choyamba malo alipo. Munthu anasiya mu Malichi, bajeti ya malipiro ake inalipo kale, nde simukupempha kuti akupangireni mpando watsopano. Akati alembe munthu wakunja akuyenera kulengeza, kuchititsa intaviyu, kenako kumuphunzitsa makodi a katundu ndi kalembedwe ka kampani, ndipo munthu watsopano ku sitolo ya feteleza amatenga miyezi asanayambe kukhulupirika ndi makiyi. Inu mukafika Lolemba, Lachiwiri mwayamba ntchito.

Kenako nkhani ya manambala osagwirizanayo. Apa samalani kwambiri kalembedwe. Musalembe kuti ku Mzuzu kukusowa katundu kapena akulephera ntchito, chifukwa kalatayo idzadutsa pa tebulo la manijala wa ku Mzuzu ndipo iyeyo ndi amene akuyenera kunena kuti ndikumufuna munthu ameneyu. Mukamunyoza mwadzitsekera khomo nokha. Lembani kuti popeza mumadziwa mmene katundu amatulukira ku Limbe, mukathandiza kuti mapepala a mbali ziwirizi azigwirizana msanga ndipo lipoti la mwezi lizituluka pa nthawi yake. Amene akudziwa vutolo amva zimene mukutanthauza.

Chitumbuka chiikeni koma chimangirireni ku malonda. Makasitomala a nthambi imeneyo ndi opikula ndi alimi ochokera ku Rumphi, Bolero, Mpherembe, Ekwendeni, Mzimba, ambiri mwa iwo a fodya amene akagulitsa ku okushoni ya ku Mzuzu amafuna agule feteleza ndalama zisanathe. Mlimi wachikulire akafuna kufunsa za mbewu kapena kasakanizidwe ka mankhwala amamasuka ndi munthu woyankhula chakwawo. Chichewa amamva inde, koma kumasuka ndi nkhani ina.

Ndipo chachikulu kuposa zonse kwa bwana wanu wa ku Limbe ndi mtsikanayo. Lembani kuti musanachoke mudzawerenga naye sitoko ya kumapeto kwa mwezi kawiri, koyamba inu kutsogolo iye akuona, kachiwiri iye kutsogolo inu mukungoyang'anira, kenako nonse awiri ndi manijala kusaina pepala losiyirana katundu ndi makiyi. Kusainako kukutetezani inunso, kuti pakadzapezeka shoteji mu Novembala asadzati inachitika nthawi yanu.

aPhiri a ku Kanengo:
Ndionjezere pa nkhani ya nthawi, ine ndili mu bizinesi yomweyi ya zaulimi. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala palibe manijala amene angalole munthu wa ku sitolo asunthe, olo mutalira bwanji. Ma thiraki amakhala akutsitsa usiku, opikula ali pa mzere, nde munthu wodziwa sitoko ndi golide nthawi imeneyo. Pano tili mu Juni. Mukapereka kalata sabata ino, sitoko ya Julaye ndi ya Ogasiti mwawerenga ndi mtsikanayo, 1 Sepitembala muli ku Luwinga, muli ndi mwezi wathunthu wozolowera sitolo ya kumeneko sizoni isanayambe. Tsikulo mulilembe mu kalata. Mukangoti "nthawi iliyonse imene kampani ingathe" mudzadikira mpaka Febuluwale.

Wa ku Chigumula:
Zoona aPhiri, ndipo zikugwirizana ndi sukulu, ana akayambire teremu yoyamba konko mu Sepitembala osati kuwadula pakati.

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Achimwene njira yake ndi yophweka, pezani kalata ya kuchipatala ndi setifiketi ya ukwati, mupereke kwa ahedi adinde, ipite kwa a PEA kenako ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Ine mkazi wanga anabwera choncho kuchokera ku Ntchisi potsatira banja. Koma muziyendera pafupipafupi chifukwa mafayilo amagona.

Make Fatsani:
Aphunzitsi, achimwenewa sali m'boma, ali pa kampani ya feteleza

Mphunzitsi wa ku Dowa:
Aaa ndinaona ngati ndi anzathu a choko. Komabe kalata ya kuchipatala ija ikufunika kulikonse, anthu ambiri amanamizira matenda a makolo pofuna kuthawa malo nde mabwana anachenjera.

Anambewe:
Pa kalata ya kuchipatala aphunzitsi anena zoona. Koma ikhale kalata yaifupi ya dokotala yonena kuti mayi akufunika chisamaliro cha nthawi yaitali ndi kumapita kuchipatala pafupipafupi. Osafotokopa buku lonse la kuchipatala la mayi, muli zinsinsi zawo ndipo fayilo ya wantchito imagwiridwa ndi manja ambiri. Muwapemphenso mayiwo chilolezo, matendawo ndi awo.

Bambo a Mphatso:
Ine langizo langa ndi lina. Makampani awa amachedwa. Ngati ku Mzuzu kuli malo, ingosiyani ntchito ku Limbe, tengani penshoni yanu muthandizire mayi, kenako mukafunsire ku Luwinga ngati munthu watsopano. Ndi luso lanulo akutengani basi.

Anambewe:
Chonde chonde achimwene a ku Chigumula izi musachite. Mukasiya nokha zaka 6 zija zafufutika. Ndikupatseni chitsanzo ndi severansi. Malamulo amati kampani ikakuchotsa chifukwa chochepetsa antchito umalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, kenako masabata atatu pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10. Inu lero atati akudulani mulandira masabata 10 kuphatikiza 3, onse 13. Mukasiya nokha severansi palibe, ndipo mukalowanso ngati watsopano kuwerenga kukuyambira pa ziro, atadzatseka nthambi ya Mzuzu chaka chamawa mudzatuluka ndi masabata awiri kapena chimanjamanja. Kuonjezera apo akhoza kukuikani pa pulobeshoni, imene lamulo limalola mpaka miyezi 12, ndipo nthawi imeneyo akhoza kukuuzani kuti basi popanda notisi. Penshoninso siituluka tsiku limene wasiya ntchito, ili ndi malamulo ake odikira ndipo sakupatsa yonse. Ndipo ndani wakulonjezani kuti akakutengani? Manijala wa ku Mzuzu akaimba foni ku Limbe kufunsa za inu, woyankha ndi bwana yemwe mwamusiya pa mavuto sizoni ili pafupi.

Bambo a Mphatso:
Za severansi sindimazidziwa bwino. Koma mfundo yanga ndi yoti mayi sangadikire ma komiti

Anambewe:
Pamenepo ndikugwirizana nanu, nchifukwa chake podikirapo agwiritse ntchito masiku a livu amene ali nawo, kapena apemphe livu yosalipidwa ya masabata angapo ngati zavuta. Livu yosalipidwa siidula zaka zako, kusiya ntchito kumadula.

Nachisale wa ku Zomba:
Ndikuuzeni zanga mwina zithandiza. Ine ndinali ku Lilongwe pa kampani ina yobwereketsa ndalama, amuna anga ali ku Zomba, ana akukula opanda bambo wawo pafupi. Ndinapempha, ndinalembanso bwino zomwe akunena aAnambewezi, ndipo pofuna kuti avomere msanga ndinalemba kuti ndidzisamutsa ndekha kampani isalipire kalikonse. Anavomera mu sabata ziwiri. Koma kalata yondisamutsa inabwera ndi mawu oti ndasamuka mwa kufuna kwanga, nde ndalama yosamukira sindinaione, galimoto yonyamula katundu ndinachita hayala ndekha, ndipo nditafika ku Zomba ndinapeza kuti alawansi ya nyumba ya kumeneko ndi yotsika kuposa ya ku Lilongwe, palibe anandiuza. Pa peyisilipi yoyamba ndi pomwe ndinaonera. Nditafunsa anangondionetsa kalata yanga yomwe. Kukhala ndi banja langa sindidandaula, koma inu funsani zonse musanasaine, giledi, malipiro, alawansi iliyonse payokha payokha.

aPhiri a ku Kanengo:
Koma mayi, kunena chilungamo, mwina chimene chinapangitsa avomere mu sabata ziwiri ndi chomwecho choti simuwadyera ndalama. Ine ndikanakhala achimwenewa ndikanalemba ndithu kuti ndidzisamutsa ndekha. Bwana akaona kuti palibe chotuluka m'thumba amasaina osaganiza kawiri.

Nachisale wa ku Zomba:
aPhiri mukudziwa mtengo wa hayala ya lole kuchoka ku Limbe kukafika ku Mzuzu ndi mafuta a masiku anowa? Munthu ali kale ndi odwala, akufunika ndalama ya dipoziti ya nyumba, mayunifomu atsopano a ana. Ndipo apa kampani ikupindula, malo ali opanda munthu kuyambira Malichi. Bwanji apereke mphatso kwa anthu amene akuwathandiza kale?

Anambewe:
Nonse muli ndi mbali. Ine mmene ndimaonera, mu kalata yoyamba nkhani ya ndalama yosamukira musaiyambitse nkomwe, musapemphe komanso musakane. Kawerengeni kaye buku la malamulo a kampani, ambiri amasiyanitsa thiransifa yofuna kampani ndi yopempha wekha, ndipo yopempha wekha nthawi zambiri siikhala ndi alawansi yosamukira. Ngati buku lanu likutero ndiye palibe chimene mukupereka, alibe kale ngongole nanu. Ngati silikunenapo, isungeni ngati chomaliza chotulutsa pokambirana mukaona kuti akukayika chifukwa cha ndalama. Ndipo pali njira yapakati imene anthu amaiwala. Achimwenewa anena okha kuti katundu amachoka ku Limbe kupita ku Luwinga. Pemphani kuti tsiku limene thiraki ikupita yosadzaza mukwezeko mabedi ndi mipando. Kampani siitulutsa ndalama ina, inu mwapulumuka hayala.

aPhiri a ku Kanengo:
Izo zimatheka ngati thirakiyo ndi ya kampani. Ikakhala ya thiransipota wa kontirakiti amakana chifukwa inshuwalansi yake ndi ya katundu wolembedwa pa pepala basi, komanso pa rodibuloko amafunsa. Ndipo matiresi ndi ufa musakweze limodzi ndi mankhwala a m'munda chonde, fungo lake silichoka ndipo ndi poizoni.

Wa ku Chigumula:
Ma thiraki awiri ndi a kampani, ena ndi a hayala. Ndifunsa. Ndalembanso kalata ija motsatira zomwe mwanenazi, taonani ngati ili bwino:

"Ndikupempha kuti mundisamutse kuchoka ku nthambi ya Limbe kupita ku nthambi ya Mzuzu pa udindo womwewu wa ku sitolo, kuyambira pa 1 Sepitembala. Chifukwa chake nchakuti mayi anga amene amakhala ku Ekwendeni anadwala sitiroko ndipo akufunika chisamaliro cha nthawi yaitali, kalata ya dokotala ndaiphatikiza. Ndikudziwa kuti ku sitolo ya Mzuzu kuli malo amene akhala opanda munthu kuyambira Malichi. Ndagwira ntchito imeneyi zaka 6, katundu wathu ndi kalembedwe kake ndikuzidziwa, nde sipafunika kulemba ndi kuphunzitsa munthu watsopano sizoni isanayambe. Popeza katundu wina wa ku Mzuzu amatuluka m'manja mwanga kuno, ndikathandiza kuti mapepala a nthambi ziwirizi azigwirizana msanga. Ndimayankhulanso Chitumbuka ndipo dera limene makasitomala ambiri amachokera ndikulidziwa. Kuti ntchito ya ku Limbe isaime, ndidzawerenga sitoko ya Julaye ndi ya Ogasiti pamodzi ndi wondithandizira, ndi kusiya zonse mosainirana. Ndine wokonzeka kukambirana nanu tsiku limene mungapeze mpata."

Za kuti ndine mwana wamwamuna ndekha ndi za thiransipoti ndachotsa.

Make Fatsani:
Koma yaumatu, ngati si munthu amene mayi ake akudwala. Ine ndikanasiyamo pang'ono za mmene zikukupwetekerani, mabwana nawo ndi anthu ali ndi amayi awo.

Anambewe:
Make Fatsani, zopwetekazo akazinene pakamwa. Ndipo apa ndi pofunika, achimwene musangoponya kalata pa tebulo kapena kutumiza ku hedi ofesi mwachindunji. Yambani mwapempha mphindi zochepa kwa manijala wanu wa ku Limbe, mukhale pansi, mumuuze za mayi ngati munthu ndi munthu mnzake, kenako muti bwana ndaganiza zopempha thiransifa ndipo ndakonza mmene ntchito ingayendere, ndimafuna mumve kwa ine kaye. Manijala amene wamva nkhani ya wantchito wake kuchokera kumwamba amaona ngati wadumphidwa, ndipo akafunsidwa maganizo amangoti pano sizingatheke. Kalata ipite kwa a za antchito kudzera mwa iye, inu musunge kope yodindidwa tsiku limene alandira.

Kalatayo ili bwino. Ndingosintha ziwiri. Onjezani chiganizo chopempha kuti giledi, malipiro ndi zaka zimene mwagwira zipitirire mmene zilili, kuti yankho lawo lidzanene zimenezo polemba, zija anakumana nazo aNachisale zisakuchitikireni. Chachiwiri, pali mantha amodzi amene bwana sadzawatchula koma adzakhala nawo: munthu uyu akakafika kwawo azidzangojomba, lero kuchipatala mawa ku maliro mkuja ku msonkhano wa banja. Muwayankhe asanafunse. Ekwendeni ndi makilomita 20 okha kapena kuposera pang'ono kuchoka mu tauni ya Mzuzu, nenani kuti masana mayi adzakhala ndi owasamala, inu muzikawaona madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo masiku a kuchipatala mudzawakonzeratu ndi manijala. Panopa vuto lililonse likagwa mumasowa pa ntchito masiku atatu kapena anayi chifukwa cha mtunda, kumeneko lidzakhala la maola ochepa. Limenelo ndi phindu lenileni kwa kampani ndipo ndi loona.

Wa ku Chigumula:
Masana adzakhala ndi madamu, tagwirizana kuti mayi tidzawatenge tizikhala nawo mu tauni kufupi ndi chipatala ngati avomera kuchoka pakhomo pawo, pajatu akuluakulu kusiya nyumba yawo ndi nkhondo.

Che Ndirande:
Nanga mnyamata wa ku Mulanje uja? Bwanji osangosinthana, iye abwere ku Limbe inu mupite uko, aliyense kwawo. Kampani singakane zimenezo.

aPhiri a ku Kanengo:
Kusinthana kumayenda bwino kukakhala kuti mbali zonse ndi zodzaza. Apa ku Mzuzu kukusowa kale munthu mmodzi, akachokanso uyo achimwenewa akakhala okha mu sitolo yachilendo sizoni ikuyamba, wowaonetsa kuti kasitomala uyu amatenga pa ngongole uyu ayi palibe. Komanso akabwera ku Limbe mtsikana uja mwayi wake wokwera watha.

Che Ndirande:
Koma ku Limbe kukhalanso gapu paja, mtsikanayo akakwera malo ake atenga ndani? Gapu yangosamuka basi kuchoka ku Mzuzu kubwera ku Limbe, bwana wa ku Limbe saona zimenezo?

Anambewe:
Funso labwino ndipo aliona ndithu. Yankho lake ndi loti gapu imene ikutsala ku Limbe ndi ya wothandizira, yotsika mtengo komanso yosavuta kupeza munthu mu Blantyre, pomwe ya ku Mzuzu ndi ya munthu wodziwa. Kwa kampani yonse ndi phindu. Kwa manijala wa ku Limbe payekha ndi kuluza, tisanamizane, wataya munthu wa zaka 6 watsala ndi wa zaka 2 ndi wina woti aphunzitsidwe. Nchifukwa chake amene angakankhe nkhaniyi kwambiri ndi manijala wa ku Mzuzu. Mukatha kuyankhula ndi bwana wanu, mupempheni chilolezo choti muimbire wa ku Mzuzu, osati mobisa. Za mnyamata wa ku Mulanje zitchuleni pakamwa ngati njira yachiwiri, kuti sizoni ikatha mwina angabwere kum'mwera, koma musamulembe mu kalata musanamufunse, mwina iye sanauzepo bwana wake kuti akufuna kuchoka.

Bambo a Mphatso:
Nanga akakana zonsezi?

Anambewe:
Afunse chifukwa chake ndipo apemphe zosakhalitsa, kuti amutumize ku Mzuzu miyezi 3 kapena 6 kukathandiza sizoni akadali wa ku Limbe pa mapepala, kenako adzaunikenso. Mabwana ambiri amene amaopa kusaina za muyaya amalola zoyeserera, ndipo munthu akagwira bwino manijala wa uko ndi amene amakana kumubweza. Kuipa kwake nkwakuti banja sungalisamutse pa zinthu za miyezi 3, nde ulipira nyumba ziwiri.

Nachisale wa ku Zomba:
Ndipo pa zosakhalitsazo afunsenso ngati pali alawansi yogonera kunja, chifukwa akanatuma munthu wina aliyense akanamulipira. Ine pa nkhani ya ndalamayi sindisintha maganizo aPhiri, munthu asadzichotsere yekha zimene sanamukanize.

aPhiri a ku Kanengo:
Ine ndikuonabe kuti akapempha zambiri ataya chachikulu. Achimwene buku la malamulo lija mwaliona likuti chani?

Wa ku Chigumula:
Buku lili ku ofesi ya akawunti, ndikalibwereka mawa m'mawa. Kontirakiti ndaiona, ndime yoti akhoza kunditumiza ku nthambi iliyonse ilimo, ya nambala 7. Bwana ali ku Kanengo ku msonkhano abwera Lachinayi nde ndiwapempha tikhale pansi Lachisanu tikatseka, kalata ndipereka akamva kaye pakamwa. Funso lina aAnambewe, kalata ya dokotala ikhale ya ku Mzuzu Central kapena ya ku chipatala cha mishoni ku Ekwendeni komwe anayambira kugonekedwa ikwana?

Anambewe:
Iliyonse mwa ziwirizo bola ikhale ndi chidindo ndi deti la posachedwa, koma ya kumene akupita pano ndi yabwino chifukwa ikuonetsa kuti chithandizo chikupitirira. Mlongo wanu akaitenge sabata ino aijambule akutumizireni, yeniyeniyo ibwere pa basi isanafike Lachisanu.